Broadchurch yandiyendetsa m'tchire magawo 7: nyambo mumaizindikira bwanji?

NaPhiri_wa_Zomba:
Anzanga okonda mafilimu a apolisi, ndabwera ndi mkwiyo. Ndangomaliza sizoni yoyamba ya Broadchurch, ija ya ku Britain ya 2013, ndipo ndadziona uchitsiru. Amene simunaionere tulukani pano, chifukwa ndiulula zonse. Magawo alipo 8. Nkhani yake ndi yofufuza amene wapha mnyamata wotchedwa Danny Latimer. Pa gawo 2 ndinalumbira kuti wapha Danny ndi bambo ake, Mark. Pa gawo 4 ndinasamukira kwa mkulu wogulitsa nyuzipepala uja, Jack Marshall. Kenako mayi wa m'kalavani, kenako m'busa, kenako Nige, mnzake wa Mark wa kuntchito. Pomaliza n'kupezeka kuti ndi Joe, mwamuna wa wapolisi Ellie Miller, munthu amene ine ndinkangomuona atanyamula mwana ndi kuphika. Kodi kumeneku ndi kulemba kwaluso kapena kubera oonera? Ndipo inu amene mumati mumazindikira wakupha filimu isanathe, mumasiyanitsa bwanji umboni weniweni ndi nyambo imene akuponyerani kuti musochere?

Kadzidzi77:
Mwati tituluke koma dzina mwalitchula mzere wachisanu womwe. Maso anga athamanga kuposa chenjezo lanu. Zikomo kwambiri achemwali, mwandipulumutsira bandulo.

NaPhiri_wa_Zomba:
Pepani achimwene, koma filimu ya 2013 ndithu. Ioneni basi, mwina inu muona zimene ine sindinaone.

Jekete_Lofiira:
Lamulo ndi limodzi ndipo silinandiphonyepo. Yang'anani wosewera wotchuka amene wapatsidwa mbali yaing'ono. Sangamulipire ndalama zambiri kuti azingodutsa. Ameneyo ndiye wakupha.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Jekete, lamulo lanulo limagwira pa mafilimu amene mlandu umayamba ndi kutha m'gawo limodzi, pamene mlendo wotchuka amakhala mmodzi. Pa Broadchurch likanakugwetsani m'dzenje katatu. Jack Marshall anasewera ndi David Bradley, nkhope imene aliyense woonera Harry Potter amaidziwa. M'busa Paul Coates anali Arthur Darvill, amene anali atangochoka mu Doctor Who. Susan Wright anali Pauline Quirke, wodziwika kwambiri pa wailesi yakanema ya kumeneko. Atatu onsewa anali nyambo. Joe anasewera ndi Matthew Gravelle, amene panthawiyo sanali ndi dzina lalikulu ngati anzakewo. Opanga filimu amalidziwa lamulo lanulo, ndiye amagula nkhope zotchuka n'kuzipachika pa mbedza.

Tsono kwa NaPhiri. Ine njira imene ndimatsata ndi yosavuta kuinena ngakhale ndi yovuta kuikumbukira mtima ukamathamanga. Munthu aliyense m'filimu yotere amanama. Ndiye kufunsa kuti akunama ndani sikuthandiza, chifukwa yankho ndi onse. Chofunsa ndi chakuti, bodza lake likaululika, chatsala n'chiyani chimene sichinafotokozedwe?

Tengani Mark. Ananama za kumene anali usiku umene mwana wake anafa, mpaka anakokeramo Nige kuti amuikire kumbuyo. Zidindo za zala zake zinapezeka m'kanyumba ka pamwamba pa phiri kamene Danny anaferamo. Magazi a Danny anapezeka m'boti lake. Zinthu zitatu, zonse zolemera. Koma pofika gawo 3 chilichonse chinali ndi yankho lake. Ananama chifukwa usikuwo anali ndi Becca Fisher wa kuhotela, ndipo sankafuna kuti mkazi wake Beth adziwe. M'kanyumbamo anati anakagwiramo ntchito, poti ndi pulambala. Magaziwo anati mwana anadzicheka tsiku lina ali kokawedza. Mukachotsera zonsezi, kwa Mark sikutsala kanthu. Nyambo imakhala choncho: imabwera ndi ngongole yaikulu koma imabwezedwa yonse msanga, gawo lomwelo kapena lotsatira. Umboni weniweni ndi ngongole imene wolemba amaitenga mwakachetechete n'kukhala osaibweza mpaka kumapeto, akuyembekeza kuti mwaiiwala.

Chimwemwe_BT:
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino koma mwasankha chitsanzo chophweka. Ngongole imene sinabwezedwe mu sizoni imeneyi ndi iti? Ine sindikukumbukira chilichonse cholozera kwa Joe. Ndili mbali ya NaPhiri, anatibera.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ilipo, ndipo ndi ya ndalama zenizeni. Apolisi atasecha nyumba ya a Latimer koyambirira, anapeza zinthu ziwiri. M'chipinda cha Chloe, mlongo wake wa Danny, munali kokeni. M'chipinda cha Danny munali mapaundi 500 obisidwa kunsi kwa bedi. Onani mmene wolemba, Chris Chibnall, anachitira. Zinthu ziwirizi anazipereka pamodzi ngati mtolo umodzi. Kokeni ndiye wochititsa chidwi, ndiye filimu inathamangira kumeneko: Chloe anamutenga kwa chibwenzi chake Dean, amapezera Becca, nkhani inatha. Woonera amamva ngati mtolo wonse wamasulidwa, chifukwa m'mutu mwake wagwirizanitsa kale kuti pamene pali mankhwala ozunguza bongo pamakhalanso ndalama. Koma palibe anafotokoza kuti mwana wa zaka 11, amene ntchito yake inali yogawa nyuzipepala m'mawa, mapaundi 500 anawatenga kuti. Funso limeneli linakhala chitsegukire mpaka gawo 8, pamene tinamva kuti anamupatsa ndi Joe.

Ndalamazo sizikutchula dzina la Joe, ndikuvomera. Koma zikukuuzani mtundu wa munthu woti mumufunefune: wamkulu, wokhala ndi ndalama, amene amakumana ndi mwanayu mobisa ndipo ali ndi chifukwa chomupatsa mphatso. Mukaika Susan pa muyezo umenewu sakukwana. Nige sakukwana. Mark sakanafunika kubisa popatsa mwana wake ndalama.

Chimwemwe_BT:
Koma Jack Marshall akukwana. Wamkulu, ali ndi shopu, amatsogolera kagulu ka anyamata a zapanyanja, Danny amamugwirira ntchito. M'busa nayenso akukwana, amaphunzitsa ana makompyuta. Ndiye muyezo wanuwo wandisiyira anthu atatu, Jack, m'busa ndi Joe wanuyo, ndipo awiri mwa iwo filimu ikundilozera ndi chala.

Mphunzitsi_Wopuma:
Zoona. Sindinati ndalama zokha zikwanira.

Usipa_Wowamba:
Mwa njira, mukudziwa kuti Azungu nyambo yotereyi amaitchula ndi dzina la nsomba, red herring? Ndi nsomba ya m'nyanja zawo yothiridwa mchere n'kuwambidwa mpaka kufiira, yonunkha kwambiri. Mtolankhani wina, William Cobbett, analemba mu 1807 kuti ali mnyamata anaikoka pansi kuti agalu osaka kalulu atsate fungo lake n'kutaya kalulu. Ndiye tikanakhala ife tikanati utaka wowamba.

Kadzidzi77:
Galu wa kwathu ukamukokera utaka sasochera ayi, amadya utakawo n'kubwerera kukagwira kalulu.

Jekete_Lofiira:
Utaka wake pa mtengo wa masiku anowu ndani angaukokere pansi? Kalulu apite.

MaiAwiri:
Ine nkhani imeneyi inandichitikira. Kuntchito kwathu kunasowa ndalama za chipereganyu m'kabati. Tonse tinaloza mnyamata wotumikira chifukwa sabata yomweyo anabwera ndi foni yatsopano, ndipo titamufunsa anachita chibwibwi. Anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Kenako zinadziwika kuti foniyo anamugulira mayi wina wapabanja amene ankayenda naye, n'chifukwa chake sankafuna kunena. Ndalama anatenga ndi munthu amene ankasunga kiyi, yemwenso ankatsogolera kufunsa mafunso. Ndiye mukaba musamasunge ndalama m'kabati, ndi zimene ndinaphunzira.

Chimwemwe_BT:
Mayi, funso silinali la kasungidwe ka ndalama, koma mosadziwa mwatipatsa Mark Latimer wa ku ofesi. Bodza lobisa chibwenzi, osati lobisa mlandu.

MaiAwiri:
Filimuyo sindinaionere ine. Ndimangonena zanga.

Namadzi_Girl:
Ndiyankhe za Jack, chifukwa ine pamenepo ndi pamene ndinasiya kukhulupirira zimene filimu ikundionetsa. Nyambo ya Jack sinabwere kudzera kwa apolisi. Inabwera kudzera kwa atolankhani, Olly ndi Karen White uja wochokera ku nyuzipepala yaikulu, amene anafukula kuti mkuluyu anamangidwapo kale pa mlandu wogona ndi mwana wosakwana zaka. Pamenepo tauni yonse inagamula, ifenso oonera tinagamula nawo. Pambuyo pake tinamva nkhani yonse, kuti anali mtsikana wa zaka 15, anakakhala kundende, atatuluka anamukwatira, ndipo mwana wawo wamwamuna anafa pa ngozi ya galimoto. Sindikuti zimene anachitazo zinali zabwino. Ndikuti sizinkakhudzana ndi Danny.

Chimene ndinaona ndi ichi. Pa Jack panali mbiri yoipa yambirimbiri koma panalibe chinthu chogwirika chomuika pamalo pamene mwana anafera usikuwo. Foni ya Danny imene inali m'manja mwake anaibweretsa yekha, akuti anaipeza m'kabwato. Nyambo zambiri zimamangidwa ndi khalidwe la munthu: ndi woipa, ali ndi mbiri, amayang'ana moopsa. Umboni umamangidwa ndi malo, nthawi ndi zinthu. Ndipo kuwerenga magawo kumathandizanso. Jack anadzipha kumapeto kwa gawo 5. Filimu ya magawo 8 singakupatseni wakupha pa gawo 4 tauni yonse ikumuthamangitsa ndi miyala. Akatero magawo anayi otsalawo adzazamo chiyani?

Jekete_Lofiira:
Kuwerenga magawo ndi kubera nawonso kumeneko. Simukuthetsa mlandu, mukuwerenga kalendala ya ITV, wailesi yakanema imene inkaionetsa.

Namadzi_Girl:
Inu amene mumawerenga malipiro a osewera ndi amene mukundinena?

NaPhiri_wa_Zomba:
Hahaha. Koma bwererani kwa ine. Chabwino, Mark ndi Jack ndawamvetsa. Nanga Susan, mayi wa m'kalavani uja? Mayi ameneyu anali ndi kathabwa kamateyala ka Danny m'kalavani mwake. Zotsalira za ndudu zake zinapezeka pafupi ndi mtembo. Anaopseza mkonzi wa nyuzipepala, Maggie, ndi mawu oti sindingawabwereze pano. Apa pali zinthu zogwirika, pali malo, pali nthawi. Muyezo wa Namadzi_Girl ukuti ameneyu ndi wakupha. Ndiye?

Mphunzitsi_Wopuma:
Apa mwafika pamene pali luso lenileni la sizoni imeneyi, ndipo ndikupemphani mundilole nditalikitse.

Susan ndi nyambo imene yameza umboni weniweni m'mimba mwake. Zinthu zimene mwatchulazo ndi zoona, analidi pagombe usikuwo. Koma zikumuika pamene mtembo unasiyidwa, osati pamene mwana anaphedwera. Malo ndi awiri: Danny anapotoledwa khosi kukanyumba kaja, kenako anamunyamula pa boti n'kukamugoneka pamchenga kuti zioneke ngati wagwa kuchokera pamwamba. Susan ankayenda ndi galu wake usiku, anaona munthu akutsitsa mtembo m'boti, munthuyo atachoka anapita pafupi, anasuta ndudu zake ataima pamenepo, n'kutola kathabwako. N'khalidwe lodabwitsa, koma ndi la mboni, osati la wakupha.

Tsono mverani zimene ananena pa gawo 7. Anati munthu amene anamuona ndi Nige. M'mawu amenewa muli zinthu ziwiri zimene woonera ayenera kuzilekanitsa ngati mmene timapetera mpunga. Choyamba ndi chimene maso ake anaona: mwamuna wa msinkhu wakutiwakuti, wometa mpala, usiku, chapatali. Chachiwiri ndi dzina limene mutu wake unaikapo. Ndipo filimu inatipatsa chifukwa chokayikira dzinalo pomwepo. Nige ndi mwana wake amene anamulanda ali khanda, ndipo mwamuna wa Susan anali munthu amene anachitira nkhanza ana awo aakazi mpaka kupha mmodzi. Mayiyu amakhulupirira kuti magazi a bambo ali mwa mwana. Ndiye akaona mpala mumdima, dzina limene limabwera ndi la amene amamuopa kale.

Mukataya dzinalo n'kusunga zimene anaona, funso limasanduka lophweka mochititsa manyazi: m'tauni imeneyi mwamuna wina wometa mpala, wa thupi ngati la Nige, ndani? Alipo mmodzi, ndipo takhala tikumuona kukhitchini kwa Ellie kuyambira gawo 1. Muphatikize ndi mapaundi 500 aja. Jack pamenepa n'kuti atamwalira, ndiponso anali ndi tsitsi lake la imvi. M'busa ali ndi tsitsi. Atatu a Chimwemwe_BT aja atsala mmodzi.

Ambiri timalakwitsa apa chifukwa timaganiza kuti mboni imanena zoona kapena imanama, basi. Wolemba waluso amakonda mboni yachitatu, imene yaona zoona koma yamasulira molakwa. Nthawi iliyonse munthu m'filimu akati ndinaona uje, dzifunseni kuti anaona nkhope kapena anaona jekete, galimoto, kayendedwe, mutu.

NaPhiri_wa_Zomba:
Mayo ine. Mpala. Ndakhala chete kwa mphindi zingapo. Ndinkawaona onse awiri tsiku lililonse ndipo sizinandibwerere.

Namadzi_Girl:
Sizikanakubwererani chifukwa Joe sanaikidwe m'gulu la oganiziridwa, anaikidwa m'gulu la mipando ya m'nyumba. Mafilimu a apolisi anatizoloweretsa kuti wapolisi amakhala ndi banja kunyumba loti tizipumirako nkhani ikalemera. Mwamuna wa Ellie ntchito yake inkaoneka ngati imeneyo: kulera mwana wawo Fred, kuphika, kudandaula kuti mkazi wake akuchedwa kuntchito. Mbalame ikatera pauta silasika. Apolisi anafunsa tauni yonse kumene anali usikuwo, koma ndani akanafunsa mwamuna wa mnzawo?

Ndipo pali china pa gawo 7 lomwelo chimene si umboni wa kupolisi koma ndi chizindikiro cha wolemba. Ellie akufunsa Susan za mwamuna wake uja, anamufunsa monyansidwa kuti zinatheka bwanji iye osadziwa zimene zinkachitika m'nyumba mwake momwe. Ine nditamva funso limenelo tsitsi linandiimirira. Wolemba sapatsa munthu wabwino mawu odzikweza chotero pokhapokha akufuna kudzamubwezera. Pa gawo 8 Beth anamufunsa Ellie funso lomwelo.

Chimwemwe_BT:
Zimenezo mukuziona chifukwa mukudziwa mathero. Aliyense ndi katswiri filimu ikatha. Ine ndili ndi madandaulo awiri amene simunawayankhe.

Loyamba, a Namadzi_Girl ndi aphunzitsi mukupereka chithunzi chakuti nyambo imachita phokoso, umboni umakhala chete. Nanga Tom, mwana wa Ellie? Gawo 1 lomwe tinamuona akufufuta mauthenga a Danny mufoni ndi pakompyuta, kamera ili pankhope pake, nyimbo ikulira moopsa. Pambuyo pake anaphwanya laputopu ndi mwala, m'busa n'kumupeza. Phokoso loposa pamenepa liliponso? Mwa lamulo lanu imeneyi ndi nyambo yoti tiitaye. Koma laputopu yomweyo ndi imene inatembenuzira maso a Hardy, wapolisi wotsogolera kafukufuku, ku nyumba ya a Miller.

Lachiwiri, Hardy sanamugwire Joe ndi nzeru. Joe anayatsa yekha foni ina ya Danny, Hardy n'kungotsata siginolo mpaka kukamupeza m'kashedi kuseri kwa nyumba. Munthu anatopa n'kudzipereka. Ngati wapolisi wa m'filimu momwemo anachita kuthandizidwa ndi wakupha, ine woonera mukundiimba mlandu wanji?

Mphunzitsi_Wopuma:
Loyambalo mwandigwira, ndipo ndikonza mawu anga. Phokoso palokha si muyezo wodalirika. Tom ali ngati Susan: kumuganizira iyeyo kunali kusochera, poti chimene ankabisa n'chakuti iye ndi Danny anali atadana ndipo ankaopa kuti mauthenga awo amuika m'mavuto. Koma nyumba imene ankatilozera inali yolondola. Wolemba anatiika pakhomo loyenera n'kutionetsa munthu wolakwika. Tikamutsuka Tom timachoka pakhomopo, osafunsa kuti m'nyumbamo mumakhalanso ndani amene Danny ankamudziwa bwino.

Lachiwirilo ndikukana pang'ono. Hardy asanatsate foni ija anali atafunsa kale Joe saizi ya nsapato zake, tsiku limene anabwera ndi Tom kupolisi. Yankho linali 10, lofanana ndi mapazi amene anapezeka kukanyumba kaja. Munthu safunsa mwamuna wa mnzake wa kuntchito saizi ya nsapato pocheza. Anali atafika kale, kudzipereka kwa Joe kunangofulumizitsa.

Chimwemwe_BT:
Saizi 10 inabwera m'gawo lomaliza, mphindi zochepa asanamugwire. Umboni umene ukuperekedwa wakupha ali pakhomo sundithandiza ine amene ndakhala masabata 7 ndikuganiza. Ndipo amuna ovala saizi 10 ku England ndi angati? Ndikuvomera mpala, ndikuvomera ndalama mwa theka. Nsapato ayi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Pa nsapato tisiyane choncho. Mwina mukulondola.

Usipa_Wowamba:
Palitu malamulo akale a zimenezi. Wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, analemba malamulo 10 a nkhani za ofufuza milandu mu 1929. Loyamba limati wakupha akhale munthu amene watchulidwa koyambirira kwa nkhani. Broadchurch inalisunga: chakumayambiriro kwa gawo 1 kamera imatsata Mark akuyenda mumsewu waukulu wa tauni osadula, akupatsana moni ndi anthu, ndipo banja la a Miller lili momwemo. Koma lachiwiri limaletsa zamizimu. Nanga uja wokonza matelefoni, Steve, amene ankati amalandira mauthenga kuchokera kwa akufa?

Namadzi_Girl:
Ameneyo amandisowetsa mtendere mpaka lero. Anauza apolisi za boti iwo asanadziwe kuti boti linagwiritsidwa ntchito, anauzanso Beth kuti wakupha ndi munthu amene amamudziwa bwino. Zonse zinapezeka zoona, ndipo filimu sinafotokoze kuti anadziwa bwanji. Mwa muyezo wa aphunzitsi, ngongole yosabwezedwa ndi umboni, ndiye ine ndinamuika Steve pamwamba pa mndandanda mpaka gawo 6. Sanali wakupha, sanalinso nyambo yomasulidwa. Anangosiyidwa lende.

Jekete_Lofiira:
Tauni ya m'mphepete mwa nyanja, ukanena kuti pali boti ulakwa bwanji? Ndipo kunena kuti wakupha ndi munthu wodziwika m'tauni imene aliyense amadziwana, ngakhale ine ndingalosere. Asing'anga a pa msika amagwira ntchito choncho.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Jekete lero mwanenapo chanzeru. Koma Namadzi_Girl wapeza pamene njira yanga imathera. Imagwira ngati wolemba ndi waukhondo, woti chilichonse chimene watsegula amatseka. Mafilimu a pa wailesi yakanema sakhala aukhondo nthawi zonse. Zina amazisiya dala kuti adzapitirize sizoni yotsatira, zina zimadulidwa pokonza filimu, zina amangoiwala. Woonera sangadziwe kuti chingwe cholendewerachi ndi umboni, ndi mbewu ya chaka chamawa, kapena ndi zinyalala. Chimene ndimachita ine n'kuona ngati chinthucho chikukhudza thupi la womwalirayo, katundu wake, kapena maola ake omaliza. Mapaundi 500 anali pansi pa bedi la Danny. Foni yachiwiri inali ya Danny. Mawu a Steve sanali chinthu cha Danny, anali mawu chabe.

MaiAwiri:
Ndiye mukutanthauza kuti nditati ndiionere tsopano, poti mwandiuza kale zonse, palibe chokoma?

Namadzi_Girl:
Mayi, kachiwiri ndiye imakoma. Muzingoyang'ana nkhope ya Joe nthawi iliyonse Ellie akamufotokozera mmene kafukufuku akuyendera ali pabedi. Wakupha ankalandira lipoti la apolisi usiku uliwonse kwaulere.

Kadzidzi77:
Poti mwandionongera kale, ndauzidwa kuti kuli ina ya ku America ya nkhani yomweyi. Imeneyo ndingaionere mwamtendere?

Usipa_Wowamba:
Gracepoint, ya 2014, magawo 10, David Tennant yemweyo ndi wapolisi. Nyambo zambiri ndi zomwezo koma mathero anawasintha, ndiye amene anaonera ya ku Britain n'kumadzitama kuti akudziwa anapunthwa. Sindinena zambiri.

Kadzidzi77:
Mulungu akudalitseni. Mwaona a NaPhiri mmene anthu amachitira?

NaPhiri_wa_Zomba:
Ndamva achimwene, ndalapa. Koma aphunzitsi, funso lina. Ndayamba sizoni yachiwiri usiku wathawu ndipo Joe wakana mlandu kukhoti. Maloya ake ayamba kutola nyambo zija, kuyambira ndi Mark, n'kumaziponyera oweruza ngati umboni. Ndiye zimene tinazitaya zija zadzukanso. Kodi pamenepa ndiziwerenga ngati nyambo kachiwiri, kapena pali chimene sizoni yoyamba inandibisira za usiku umene uja?

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwafika gawo liti?

NaPhiri_wa_Zomba:
Lachiwiri, pamene akukambirana zoti Ellie anamumenya Joe ali m'manja mwa apolisi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndiye sindiyankha. Tengani pepala, mulembe maola a usiku umene Danny anafa, ndipo pa dzina la Mark musiye mpata pakati pa nthawi imene anasiyana ndi Becca ndi nthawi imene anafika kunyumba. Ine pamwambapa ndinati kwa Mark sikutsala kanthu. Mukafika gawo 8 mubwere mudzandiuze ngati ndinanena zoona.

Chimwemwe_BT:
Ehe. Ndiye kuti ngakhale ngongole imene munati inabwezedwa yonse ija inali ndi chenji chotsala.

Kadzidzi77:
Ndatuluka pagulu lino mpaka Lamlungu.